Hafu saizi yowonjezera pa nsapato yothamangira: n'zoona kapena ndi malonda chabe?

Yamikani: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 21. Ndikangodutsa makilomita 12 kapena 13, zala za phazi lamanzere zimachita dzanzi, ndipo chikhadabo cha chala chachiwiri chada bii. Nsapato yake ndi saizi 8, yomwe ndimavala chiyambire, ngakhale ya ku ofesi ndi 8 yemweyo. Mnzanga akuti ndikanagula 8 ndi hafu chifukwa mapazi amatupa. Koma hafu saizi ingasinthe chiyani, si malonda chabe amenewa? Ndalama ndi yovuta iyi, sindikufuna kugula kawiri.

Dalitso: Aise, hafu wachepa. Gula 9 basi. Nsapato yothamangira umakweza saizi yathunthu, aliyense amadziwa zimenezo. Ine ndimavala 7 koma ndimathamangira 8, sindinadetsepo chikhadabo.

Thoko: Ine ndinatsatira malangizo omwewo a saizi yathunthu, ndinachoka ndi matuza kuchidendene miyendo yonse iwiri. Ndiye "aliyense" ameneyo musandiwerengeremo achimwene.

Kochi Mbewe: Yamikani, usanagule kanthu tiyeze kaye. Nambala ili pa lilime la nsapato siikuuza mpata womwe uli kutsogolo kwa zala zako, ndipo nkhani yonse yagona pa mpata umenewo. Madzulo ano, ukabwera kothamanga kapena ukaweruka kuntchito, vala masokosi omwe umathamangira. Ika pepala pansi moligunditsa kukhoma, chidendene chigundenso khoma, uimirire mowongoka thupi lonse litsamire paphazipo. Wina alembe mzere pomwe pathera chala chachitali kwambiri. Usalembe wekha, chifukwa ukawerama kulemera kumachoka paphazi. Uyeze mapazi onse awiri ndi rula. Ukatero solola kasoli ka m'kati mwa nsapato ija, ukayezenso kutalika kwake. Utibweretsere manambala atatuwo.

Yamikani: Chabwino akochi. Koma bwanji madzulo? Panopa ndili pakhomo, rula ilipo.

Kochi Mbewe: M'mawa phazi limakhala laling'ono kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa usiku wonse unali chigonere ndipo madzi omwe anatsikira kumiyendo anabwerera m'thupi. Ukayeza m'mawa upeza phazi lomwe sudzathamanga nalo.

Nachisale: Ndiwonjezereko za kutupako, poti ndimagwira ntchito kuchipatala. Munthu ukamathamanga mtima umatumiza magazi ambiri kumiyendo, mitsempha ing'onoing'ono imatseguka, ndipo timadzi tina timatuluka m'mitsemphamo n'kukhala m'minofu. Kukatentha zimanyanya, chifukwa thupi limatumizanso magazi ambiri kukhungu kuti lizizire. Ndiye poti phazi ndilo lili pansi penipeni, madziwo amaunjikana kumeneko. Koma muzindikire kuti madziwo satalikitsa mafupa. Amanenepetsa phazi: m'mbali, pamwamba pomwe pamadutsa zingwe, ndi zala zenizenizo.

Dalitso: Nanga ngati phazi silitalika, hafu saiziyo ndi wa chiyani asisi? Ndiye kuti Yamikani akunena zoona kuti ndi malonda?

Kochi Mbewe: Limatalika ndithu, koma chifukwa chake ndi china. Pansi pa phazi pali pokhota paja, pomwe sipagunda pansi ukaponda pa simenti ndi phazi lonyowa. Ukamathamanga, sitepe iliyonse phazi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwako kawiri, mwina kufika katatu. Pokhota paja pamaphwa pang'ono, phazi n'kutambasuka cham'tsogolo ndi cham'mbali, kenako n'kubwerera. Ukatopa, minofu yogwira malo amenewa imafooka, ndiye kuphwako kumakula. Uwonjezerepo kuti phazi limaterereka pang'ono m'nsapato ukaponda, makamaka potsetsereka. Zonsezi ndi mamilimita ochepa chabe, koma ngati kutsogolo kwa chala kunali kale kothina, mamilimita ochepawo ndi okwanira kuti chikhadabo chizigunda kutsogolo kwa nsapato. Makilomita 21 ndi masitepe pafupifupi 20,000. Chikhadabo chogundidwa pang'onopang'ono maulendo ochuluka chonchi chimakha magazi kunsi kwake, n'kuda kumene akunena Yamikaniku.

Za hafu saizi: pa manambala a UK, omwe tinazolowera kuno ndi ku Joni, saizi imodzi yathunthu ndi mamilimita 8 ndi theka. Hafu wake ndi mamilimita 4 ndi pang'ono. Tenga rula uone kuchepa kwake. Anthu amaganiza kuti akanena hafu saizi ndiye nsapato ikhala bwato, ayi. Manambala a EUR amadumpha mamilimita osakwana 7 pa nambala iliyonse, n'chifukwa chake sagwirizana ndendende ndi a UK.

Madalitso wa nsapato: Pamenepo mwakhudza ntchito yanga bwana. Ndimagulitsa za kaunjika, ndipo tsiku lililonse munthu amabwera akuti "ndimavala 8" osadziwa kuti 8 wake ndi uti. Pa lilime pamakhala manambala anayi kapena asanu. Nike yachimuna yolembedwa UK 8 imalembedwanso US 9, EUR 42.5, CM 27. Adidas ya UK 8 yemweyo imalembedwa US 8.5 ndi 42. Ndiye wina akaona 8 pa mzere wa US n'kulipira, wagula UK 7 kapena 7 ndi hafu. Azimayi ndiye amasokonezeka kwambiri, chifukwa US ya azimayi ndi ina, ya azibambo ndi ina. Yamikani, taona pa lilimepo, 8 wakoyo ali pansi pa zilembo ziti?

Yamikani: Palembedwa UK 8, CM 27. Ndiye pamenepo sindinaphonye.

Madalitso wa nsapato: Chabwino. Koma usakhulupirire kuti CM 27 ndiye kuti m'kati ndi masentimita 27 ndendende, makampani amawerenga mosiyana. Chita zomwe anena akochi, yeza kasoli. Komanso kaunjika ina imabwera itachapidwa ndi madzi otentha kapena itaumitsidwa m'makina, nsalu yake inakhwinyata. Nambala ikunena zina, nsapato ikunena zina.

Mayi Nabanda: Zikomo kuti mwayambitsa nkhaniyi ana anga. Inenso mapazi anga akutupa miyezi ingapo tsopano, madzulo masilipasi amasiya mizere, ndikadina ndi chala pamwamba pa kakolo pamatsala kadzenje. Sindithamanga ayi, ndimangoyenda m'mawa ndi anzanga a kutchalitchi. Ndiye ndigule hafu saizi yokulirapo?

Nachisale: Ayi amama, zanuzo ndi zina, ndipo nsapato sizingathetse. Kutupa kwa wothamanga kumabwera ndi kuthamangako ndipo kumatha ukapuma, ukakweza miyendo, mawa lake phazi labwerera mwakale. Kutupa kwa miyezi, kosiya kadzenje ukadina, kumafunika kuyezetsa mtima, impso ndi chiwindi. Mankhwala ena a bipi, monga amulodipini, amatupitsanso akakolo. Ngati mukumwa, musasiye nokha, koma mukawauze akuchipatala. Pitani sabata ino. Ndipo kwa tonse pagulu pano: mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akupweteka ndi kutentha, osadikira kuti kuche, akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha.

Mayi Nabanda: Ndikumwa a bipi omwewo mwana wanga. Ndipita Lachitatu.

Yamikani: Ndabwera ndi manambala. Ndathamanga makilomita 10 madzulo ano kenako mlamu wanga wandilembera. Phazi lamanja masentimita 26.4, lamanzere 26.8. Kasoli 27.5. Komanso ndaona kuti mzere wagwera pa chala chachiwiri, osati chachikulu. Ine pogula ndinkadina pa chala chachikulu, pamenepo mpata unalipo.

Kochi Mbewe: Eya, nkhani ija yaoneka. Chotsa 26.8 pa 27.5, patsala mamilimita 7. Phazi lamanja lili ndi 11, n'chifukwa chake silikudandaula. Mpata womwe timafuna kutsogolo kwa chala chachitali ndi sentimita imodzi kufika imodzi ndi theka, pafupifupi kukula kwa chala chako cha m'manja ukachigoneka chopingasa. Ukakwera hafu saizi, lamanzere lipeza mamilimita 11 kapena 12, lamanja 15 kapena 16. Onse ali m'malire, lamanja lili kumapeto kwenikweni. Ukakwera saizi yathunthu ya Dalitso, lamanzere likhala bwino koma lamanja lifika pafupifupi masentimita awiri, ndipo ndilo liyambe kuvuta. Kwa iweyo mnzako uja ananena zoona: 8 ndi hafu, pa mtundu womwewu wa nsapato. Ukasintha mtundu, uyezenso kasoli kake, ufune kotalika pafupifupi 28.

Nsapato timagulira phazi lalikulu. Laling'onolo timalikonza ndi zingwe kapena sokosi yokhuthala pang'ono.

Dalitso: Koma akochi, nsapato yaikulu ingapweteke bwanji? Yothina ndikumva. Yaikulu si ufulu basi?

Thoko: Funsa zidendene zanga kkkk

Kochi Mbewe: Imapweteka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya Thoko: chidendene chimakwera ndi kutsika m'kati, khungu n'kumakhuzika mpaka thuza. Yachiwiri anthu saiganizira. Nsapato inapangidwa kuti izipindika pamalo amodzi, pomwe payambira zala, ndipo malo otambalala kwambiri a nsapato ali pomwepo. Ikatalika kwambiri, phazi limapindikira kumbuyo kwa malo amenewo, ndiye phazi ndi nsapato zikulimbana sitepe iliyonse. Ndiponso phazi lomwe silinagwidwe bwino pakati limathamangira kutsogolo potsika mtunda, n'kukagunda kumapeto komweko. Ndaonapo anyamata akuda zikhadabo m'nsapato zazikulu pochita maphunziro otsika msewu wa ku Chawe kuno ku Zomba. Munthu amati "yandithina" n'kukagula yokulirapo, vuto n'kukula.

Dalitso, mwina iweyo 7 wako wa masiku onse ndi wothina kale, ndiye 8 wangokufikitsa pa mpata woyenera. Ambiri tinakula ndi nsapato za kusukulu zomwe tinkavala mpaka zala kupindika, tinazolowera kuti nsapato yokwana ndi yomwe ikugwira chala.

Dalitso: Mwina. Koma sindisintha, zikundiyendera.

Thoko: Ine vuto langa silinali kutalika n'komwe. Phazi langa ndi lotambalala. Ndikaimirira pa kasoli, kutsogolo kumatsala mpata wabwinobwino koma m'mbali, cha ku kachala kakang'ono, phazi limasefukira kunja. Ndimakwera saizi pofuna malo a m'mbali, koma hafu saizi amangowonjezera pang'ono zedi m'mbalimo, kochuluka kumapita kutsogolo komwe sindikufuna. Chinandithandiza ndi kuyamba kugula zachimuna, chifukwa zimakhala zotambalala kuposa zachizimayi za kutalika komweko. Yamikani, dzanzi lija mwina likuchokera m'mbali osati kutsogolo.

Madalitso wa nsapato: Asisi anena zenizeni. Pa nsapato zina, makamaka New Balance, Asics ndi Brooks, pafupi ndi nambala pamakhala chilembo. Kwa azibambo D ndi ya wamba, 2E yotambalala, 4E yotambalala kwambiri. Kwa azimayi ya wamba ndi B, ndipo D ndiyo yotambalala. M'belo zimapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ogula ambiri sadziwa, amangoti "iyi ikuoneka yonenepa". Ine ndikaipeza ya 2E ndimaibisira makasitomala anga a mapazi a kumunda.

Yamikani: Ndaimirira pa kasoli monga anenera asisi Thoko. Lamanzere likutuluka pang'ono cha ku kachala kakang'ono, mwina mamilimita awiri atatu.

Nachisale: Pang'ono pokha si zachilendo, nsalu ya pamwamba imatamuka. Koma dzanzi tilimvetse. Pakati pa mafupa a kutsogolo kwa phazi pamadutsa timitsempha ta kumva topita kuzala. Phazi likatupa m'nsapato yopanikiza m'mbali, mafupawo amafinyana n'kupana timitsemphato, ndiye umamva dzanzi kapena kuyaka, kawirikawiri pa chala chachitatu ndi chachinayi. Zingwe zomangidwa kwambiri pamwamba pa phazi zimachitanso chimodzimodzi. Mfundo yomwe munamanga bwinobwino poyamba, pofika pa kilomita 12 phazi lanenepa, yasanduka yothina. Yesani izi musanawononge ndalama: dzanzi likayamba, imani, masulani zingwe kuyambira kumunsi kwenikweni, mumangenso mofewa. Likatha m'mphindi zochepa, gawo lina la vutolo ndi zingwe. Likamapitirira ngakhale mutavula nsapato, kapena likamabwera mukungoyenda, mukaonetse kuchipatala, makamaka ngati kwanu kuli matenda a shuga.

Fatsani wa ku Mulanje: Inu a m'tauni mumandisangalatsa ndi marula anu. Bwerani ku mpikisano wa onyamula katundu kuphiri kuno, kuyambira pa Likhubula. Ena amathamanga opanda nsapato n'kukusiyani inu a mamilimita. Abebe Bikila anapambana malathoni a Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Chikhadabo chimada ndi nsapato, vulani basi.

Dalitso: Iwe Fatsani, pa phula la ku Lilongwe mu Okutobala? Ukufuna tiwotche mapazi?

Kochi Mbewe: Fatsani sakunama kuti phazi lopanda nsapato lili ndi malo onse otupira, koma mapazi amenewo anakula choncho kuyambira ubwana. Yamikani akayesa mwezi uno avulala zina. Koma poti watchula phiri, kumeneko ndiye ndimasiyana ndi ambiri. Potsika malo a miyala ngati amenewo sindifuna nsapato yokhwepa ngakhale pang'ono, phazi likamasewera m'kati umapotokola kakolo. Mpata wa kutsogolo ukhalepo, koma pakati ndi kuchidendene igwire zolimba.

Malume a ku Durban: Moni nonse kumudzi. Kuno nkhani imeneyi imakula nthawi ya Comrades, ija ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90. Chaka chotsikira ku Durban ndiye zikhadabo zimathera potsika chitunda cha Fields Hill. Munthu amakhala pamsewu maola 10, ena mpaka 12, ndiye kutupa kwake si kwa makilomita 21 ayi. Ambiri omwe ndimathamanga nawo amakwera saizi yathunthu pa mpikisano umenewu, ndipo ena amachita kudula nsalu ya pamwamba pa chala chachikulu ndi lezala kuti chipume. Ndiye mphwanga Dalitso sanalakwitse kwenikweni, wangotenga lamulo la mtunda wautali n'kulipereka kwa aliyense.

Chimene ndingamuphunzitse Yamikani ndi kamangidwe. Pamwamba penipeni pa nsapato pali kabowo kowonjezera, kali cham'mbuyo pang'ono, komwe ambiri sakagwiritsa ntchito. Ukafika pa bowo lachiwiri kuchokera pamwamba, usapingase. Lowetsa chingwe m'kabowo komalizako mbali yomweyo, pasale kakhutu. Uchite chimodzimodzi mbali inayo. Kenako chingwe cha kumanja chilowe m'kakhutu ka kumanzere, cha kumanzere m'ka kumanja, ukokere pansi, n'kumanga monga mwa masiku onse. Chidendene chimakhala phee kumbuyo, ndiye zingwe za kumunsi utha kuzisiya zofewa kuti zala zipeze malo. Phazi lako lamanja, lomwe likhale ndi mpata wambiri mu 8 ndi hafu, lifunika zimenezi.

Nachisale: Amalume, poti mwatchula maola 10: pa mitunda yotero, munthu akaona kuti manja atupa, mphete kapena wotchi yathina, mutu ukuwawa, akuchita nseru, koma wakhala akumwa madzi pa tebulo lililonse, asawonjezere madzi. Kumwa madzi opitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo n'koopsa. Kutupa kumeneko si nkhani ya saizi.

Malume a ku Durban: Zoona, kuno amatichenjeza chaka chilichonse.

Yamikani: Nanga chikhadabo chadachi nditani nacho? Wina akuti ndiboole ndi singano yamoto.

Nachisale: Ngati sichikupweteka, chisiyeni. Chidzagwa chokha kapena chidzakula n'kutha, koma zimatenga miyezi yambiri, zikhadabo za kuphazi zimakula mochedwa. Kuboola kumathandiza pa masiku oyamba pamene chikugunda ndi ululu, ndipo zimenezo azichite akuchipatala ndi zida zoyera. Pakatuluka mafinya kapena chala chikafiira ndi kutentha, pitani. Zinazo muziwenge zifupike, mowongoka osati mozungulira m'makona. Chikhadabo chachitali chimadya mamilimita awiri mwa 7 anu aja.

Thoko: Ine ndikadali pa mfundo yanga. Akagula 8 ndi hafu ya mtundu womwewo chikhadabo chipola, koma dzanzi libwerera. Afune yotambalala.

Kochi Mbewe: Zikhoza kutero, koma sitingadziwe asanayese zingwe. Mamilimita awiri atatu otuluka m'mbaliwo, hafu saizi akhoza kuwameza. Yamikani, pokagula upite madzulo, utenge masokosi ako othamangira ndi pepala lija. Uvale zonse ziwiri, umange, uimirire, udine pa chala chachiwiri cha kumanzere. Ugwedeze zala, zizitha kutambasuka. Upeze potsetsereka, ngakhale pa ngalande ya pamsika, utsike mothamanga pang'ono, umve ngati chala chikugunda. Akakuuza kuti "itamuka mukamavala", usamvere. Nsalu imatamuka m'mbali pang'ono, koma kutalika sikusintha.

Madalitso wa nsapato: Akochi mukutiphera malonda kkkk. Koma vuto lenileni ndi loti pa kaunjika hafu saizi sumachita kuitanitsa. Umapeza zomwe zatuluka m'belo. Akapeza 9 yabwino, soli yake yosadyeka, koma 8 ndi hafu palibe, atani?

Kochi Mbewe: Ayeze kasoli. Pali ma 9 ena afupi. Kakafika 28.3 kapena kuchepera, atenge, amange monga anenera amalume. Kakapitirira pamenepo ine sindingatenge.

Dalitso: Mwaona? Tafika pa 9 wanga uja.

Thoko: 9 wa rula, osati wa pakamwa.

Yamikani: Loweruka ndithamanga 14 ndi nsapato yakaleyi, zingwe zofewa kumunsi, ndione ngati dzanzi libwere. A Madalitso, mukatsegula belo mundisungire chilichonse cha kasoli ka 28, ndipo ikakhala ya 2E mundiimbire ndisanapite kwina.

Madalitso wa nsapato: Belo ndi Lachisanu. Ubwere ndi rula yako, yanga ana anapita nayo kusukulu.